Kalata yodandaula za kuzunzidwa kwa mwana wanga kusukulu

Mzimba, 14 Febuluwale 2024

Kwa Aphunzitsi Aakulu,

Ndine mayi wa Tadala Phiri wa mu Sitandade 5. Chiyambireni teremu ino, anyamata atatu a mu Sitandade 7 akhala akumulanda chakudya ndi ndalama nthawi yopumula. Amamunyozanso chifukwa cha chibwibwi chake, kumamuyeseza kalankhulidwe anzake akuseka. Lachiwiri lapitali anamukankhira m'matope kuseri kwa zimbudzi, ndipo anabwera kunyumba yunifolomu itang'ambika, bondo likutuluka magazi.

Mwana amene ankadzuka yekha kukonzekera sukulu, pano m'mawa uliwonse akuti m'mimba mukupweteka. Ndinawauza aphunzitsi a kalasi lake kawiri konse, anangoti ndi masewera a ana. Ine sindikuona masewera pamenepa.

Chonde, Aphunzitsi, muitane anyamatawa pamodzi ndi makolo awo, ndipo pakhale mphunzitsi woyang'anira ana nthawi yopumula. Mayina awo ndikupatsani pamaso, chifukwa Tadala akuopa kuti amubwezera.

Ndikupempha mundiyankhe polemba kalata pasanafike pa 23 Febuluwale, yofotokoza zimene mwachita. Zikapitirira, nkhaniyi ndikaitula ku komiti ya sukulu ndi kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu.

Ine kholo,
Esnart Phiri