Za inshuwalansi ya Sienta yanu

Bambo Chirwa,

Dzulo munaseka kuti mapepala aja akadali mu envulopu momwe ndinakupatsirani. Si inu nokha. Ndiye ndati ndikulembereni mwachidule zimene zili m'masamba 18 amenewo, makamaka zimene kampani siilipira.

Galimoto yanu ili pa inshuwalansi yathunthu, ya ndalama zokwana K14,000,000, mpaka pa 31 Julaye. Ikachita ngozi, ikapsa kapena ikabedwa, timalipira. Timalipiranso munthu amene mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu, mpaka pa malire amene ali pa tsamba 3.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: pa fomu munalemba kuti galimotoyi ndi yoyendera inu ndi banja lanu. Mukanyamula anthu pa Wenela n'kuwalipiritsa, ngakhale mukungofuna ya mafuta popita ku Lunzu, yasanduka takisi, ndipo ikagundidwa pa ulendo umenewo sitilipira. Ma Sienta ambiri amagwera pamenepa. Ngati mukuganiza zoyamba bizinesi imeneyi, bwerani tisinthe mgwirizano; mtengo ukwera, koma mudzayenda mtima uli m'malo.

Sitilipiranso ngati woyendetsa anali ataledzera kapena alibe laisensi yoyenera. Mphwanu uja amene akuphunzira kumene asayambe waigwira yekha. Onetsetsaninso kuti COF sinathe. Injini kugogoda, matayala kutha, dzimbiri, zimenezo ndi ukalamba wa galimoto, si ngozi. Foni kapena laputopu yobedwa pampando siili m'gulu. Kuwoloka malire kupita ku Tete kapena ku Chipata, tiuzeni kaye.

Tsoka likagwa, choyamba thandizani ovulala ndipo dziwitsani apolisi. Jambulani zithunzi galimoto zisanasunthidwe, lembani nambala ya galimoto inayo, dzina la woyendetsa ndi kampani ya inshuwalansi yake. Musavomere kuti ndinu wolakwa, musalonjeze ndalama, ngakhale anthu ataunjikana n'kumakukuwizani. Kugwirizana pamsewu kuti "tingothana tokha" kumatimanga manja.

Kenako ndiimbireni tsiku lomwelo; mgwirizano ukukupatsani masiku 7 okha. Mudzadzaza fomu n'kubweretsa lipoti la apolisi, laisensi ya amene amayendetsa, bulubuku, COF ndi makotesheni ochokera ku magalaja atatu. Galimoto isakhudzidwe ndi sipanala mpaka munthu wathu woyeza kuwonongeka adzaione. Mukakonzetsa kaye n'kubwera ndi malisiti, tidzavutana.

Pa ngozi iliyonse pali gawo lanu lotchedwa ekisesi: K10 pa K100 iliyonse, koma osatsika K150,000. Kukonza kukakhala kwa K2,000,000, inu mupereka K200,000, ife zotsalazo. Nyali yosweka ya K90,000 ndi yanu ndithu.

Tikakukanani ndipo simukukhutira, lembani dandaulo ku ofesi yathu. Zikakanika apo, mukhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi.

Gawo lachiwiri la malipiro, K310,000, likufunika pofika pa 28 Febuluwale. Likapanda kulowa, inshuwalansi imaima.

Ine wanu,
Tiyamike Mbewe
Nthambi ya Blantyre