Kwa inu Bambo

Bambo,

Kalatayi ilibe koitumiza, komabe ndalemba.

Chaka cha njala chija, 2002, munkatiuza kuti mwadya kale kuganyu. Ine ndinkadziwa kuti ndi bodza. Ndinakuonani kuseli kwa nkhokwe mukutafuna nzimbe yowuma, lamba mutaboola bowo lina ndi msomali. Nsima ya gaga ija ndinadya ndithu, mpaka kunyambita mbale, osanena kanthu. Ndinali ndi njala, Bambo.

Njinga yanu munati yabedwa ku msika wa Mitundu. Amayi anandiululira pambuyo pa maliro kuti ndi imene inalipira fizi yanga ya Fomu 3. Bwanji osangondiuza? Mwina ndikanathokoza, mwinanso ayi, poti ine ndi inu tinkangokambirana za feteleza ndi mvula basi.

Chilipo china chimene chimandiwawabe. Tsiku limene munamenya achemwali chifukwa cha mimba ija, munalakwa. Sanabwererenso kumudzi mpaka tsiku lokuikani, ndipo analira kuposa tonse.

Mwana wawoyo ndi wamtali ngati inu, amayendanso chopendama. Mwezi wa mawa akulemba mayeso a Fomu 4. Fizi ndikulipira ndine.

Ndine mwana wanu,
Chisomo