KALATA YA UMBONI WA TCHUTHI CHA MATENDA

Chipatala cha Boma cha Dedza
Lachisanu, 6 Juni 2025

Kwa olemba ntchito a Bambo Yohane Phiri, ogwira ntchito yosunga katundu m'sitolo, pa Linthipe

Ine, amene ndasaina m'munsimu, ndikuchitira umboni kuti Bambo Phiri, a zaka 41, anagonekedwa m'chipatala muno Lolemba pa 2 Juni 2025, anachitidwa opaleshoni pa 3 Juni, ndipo tawatulutsa lero. Opaleshoniyo inayenda bwino.

Nditawapima m'mawa uno, ndaona kuti sangathe kugwira ntchito ina iliyonse kwa masabata asanu ndi limodzi, kuyambira pa 2 Juni mpaka pa 13 Julayi 2025. Adzabwere kuno kuti tidzawaonenso pa 16 Juni ndi pa 10 Julayi. Zonse zikadzakhala bwino, adzayamba ntchito Lolemba pa 14 Julayi. Tikadzaona kuti akufunika masiku ena, tidzalemba kalata ina.

Akadzabwerera, muwapatse ntchito zopepuka mpaka pa 10 Ogasiti. Asanyamule chinthu choposa makilogalamu 5, asakankhe wilibala, asakwere njinga yamoto kapena yakabaza ulendo wautali, ndipo aziloledwa kukhala pansi akatopa. Kulemba m'kaundula ndi kuwerengera katundu angathe. Apa ndipemphe kuti mumvetse ndithu, chifukwa iwo andiuza kuti kuntchito amasenza matumba a makilogalamu 50, ndiponso kuti ino ndi nyengo imene katundu amachuluka. Bala la opaleshoni limayamba kupola kunja, m'kati mukadali mosakhwima. Mwina mudzawaona akuyenda pang'onopang'ono pamsika kapena akupita ku tchalitchi: ndife tawauza kuti aziyendako tsiku lililonse kuti magazi aziyenda bwino. Kuteroko sikutanthauza kuti achira moti n'kusenza thumba.

Dzina la matenda ndi mtundu wa opaleshoni sindinalembe, ndipo ndachita dala. Zimenezo ndi chinsinsi cha iwo eni ndi achipatala, choncho asakakamizidwe kufotokoza kapena kuonetsa buku lawo lakuchipatala. Chimene ndinganene, iwo atavomereza, n'chakuti palibe choopsa chilichonse kwa anzawo akuntchito.

Bambo Phiri akuti agwira ntchito kwanuko zaka zitatu. Gawo 46 la lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira miyezi 12 mosalekeza, akapereka kalata ya dokotala, ayenera kupatsidwa tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro athunthu ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro, chaka chilichonse.

Ngati mukufuna kutsimikiza kuti kalatayi ndi yoona, bwerani nayo ku ofesi ya chipatala. Tidzangotsimikizira masiku alembedwawa basi.

Ine wanu,
Dokotala E. Banda
Wa mbali ya maopaleshoni, wolembetsedwa ku khonsolo ya madokotala m'Malawi