Mutu 4: Zimene Manambala Akuonetsa pa Kagulidwe ka Mafuta Ophikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe

Mu Juni 2025 tinacheza ndi mabanja 600, theka ku Blantyre ndi theka ku Lilongwe, kuphatikizapo a ku Ndirande, Bangwe, Namiwawa, Kawale, Eriya 25 ndi Eriya 47. Pakhomo lililonse anayankha ndi munthu amene amagula mafuta ophikira. Funso limene oyang'anira kampani anatipatsa linali limodzi: kodi ndi bwino kuyamba kupanga kapaketi komata ka mamililita 100?

Ndalama zimene banja limaononga pa mafuta

Tikaphatikiza ndalama zonse n'kugawa ndi 600, avereji ikubwera K14,800 pamwezi. Tikupempha kuti nambala imeneyi isagwiritsidwe ntchito poika mitengo. Tikaika mabanja onse pamzere kuyambira loononga zochepa kufika loononga zambiri, la pakatikati pa mzerewo limaononga K9,500 basi. Theka la ogula lili pamenepo kapena pansi pake.

Chakweza avereji ndi mabanja 24 amene amakazinga mandasi, zitumbuwa kapena tchipisi zogulitsa. Lililonse limagula mafuta a pafupifupi K110,000 pamwezi. Tikawapatula, avereji ya otsala 576 ikutsika kufika pa K10,800. Koma mabanja 24 amenewa si oti n'kungowafufuta ngati cholakwika. Iwo ndi 4 peresenti ya amene tinawafunsa, pomwe ndalama zawo ndi pafupifupi 30 peresenti ya zonse zimene zinatchulidwa. Umenewo ndi msika wina pawokha, wa zigubu, ndipo ukufunika kafukufuku wakewake.

Kagulidwe ndi ndalama zimene banja limapeza

Mwa mabanja onse, 264 amagula mafuta oyeza, a m'timachubu kapena obwera ndi kabotolo kawo paokala. Amenewo ndi 44 peresenti. Ogula botolo losapitirira lita imodzi alipo 168, ndipo ogula malita awiri kapena kuposa aliponso 168. Tebulo ili likugawa anthuwa potengera zimene amapeza pamwezi. Maperesenti awerengedwe chopingasa: mzere uliwonse ukukwana 100.

| Zopeza pamwezi | Oyeza | Botolo laling'ono | Botolo lalikulu | Onse |
|---|---|---|---|---|
| Zosafika K200,000 | 189 (70%) | 54 (20%) | 27 (10%) | 270 |
| K200,000 mpaka K500,000 | 63 (30%) | 84 (40%) | 63 (30%) | 210 |
| Zoposa K500,000 | 12 (10%) | 30 (25%) | 78 (65%) | 120 |
| Onse | 264 | 168 | 168 | 600 |

Zikanakhala kuti zopeza za banja sizikhudzana ndi kagulidwe, gulu lililonse likanakhala pafupi ndi 44 peresenti, ndipo mwa opeza zochepa 270 tikanapeza ogula oyeza pafupifupi 119. Tapeza 189. Mayeso a kayi-sikweya akupereka χ² = 189.9, df = 4, p < 0.001, kusonyeza kuti kusiyana kwakukulu chonchi n'kovuta kuti kungobwera mwamwayi chifukwa cha anthu amene tinakumana nawo.

Pamsonkhano wapitawu panamveka mawu akuti "70 peresenti ya ogula oyeza ndi osauka". Mawuwo atembenuza tebulo. Nambala ya 70 ikuyankha funso lakuti, mwa opeza zochepa, ndi angati amagula oyeza? Funso lina, lakuti mwa ogula oyeza ndi angati opeza zochepa, liyenera kuwerengedwa chotsika: 189 mwa 264, kapena 72 peresenti. Apa manambala awiriwa ayandikana, choncho kulakwitsako sikunaononge kanthu. Pa botolo laling'ono kungaononge: 40 peresenti yokha ya opeza pakatikati ndi imene imaligula, komabe iwowo ndi theka lathunthu la ogula botololo, 84 mwa 168.

Kuwerenga chotsika kukuululanso chinthu chimene sitinachiyembekezere. Mabanja 75 mwa 264 ogula oyeza, oposa kota, amapeza K200,000 kapena kuposa. Ofunsa mafunso athu anamva kangapo kuti ena amagula botolo malipiro akangotuluka, likatha n'kumayezetsa mpaka kumapeto kwa mwezi. Fomu yathu inalola yankho limodzi lokha, choncho khalidwe limeneli silikuoneka m'tebulo. Za mabanja 12 opeza zambiri ogula oyeza sitinenapo kanthu, ndi ochepa kwambiri moti banja limodzi likasintha yankho peresenti yowerengedwa mwa mabanja 12 amenewa imalumpha ndi 8.

Tebuloli silikutsimikiza kuti kuchepa kwa ndalama ndi kokhako kumene kumachititsa munthu kugula oyeza. Wolandira ndalama tsiku ndi tsiku, monga wa kabaza kapena wogulitsa masamba, akhoza kupeza zofanana ndi mphunzitsi pamwezi koma n'kumagula mosiyana naye.

Blantyre ndi Lilongwe

Ku Blantyre ogula oyeza ndi 141 mwa 300, ku Lilongwe 123 mwa 300, ndiye kuti 47 ndi 41 peresenti. A nthambi ya malonda anaona kusiyanaku n'kuganiza zoyambira ku Blantyre. Ife sitikuona maziko ake. Mayeso akupereka χ² = 2.19, p = 0.14, ndipo kusiyana kotere kumatha kungobwera pakusankha anthu. Chinanso, ku Blantyre tinacheza ndi mabanja opeza zochepa 150 pomwe ku Lilongwe anali 120. Tikayang'ana gulu limeneli lokha, ogula oyeza ndi 105 mwa 150 ndi 84 mwa 120. Konseko ndi 70 peresenti. Chikusiyanitsa ndi thumba la wogula osati mzinda, ndipo mayi wa ku Kawale amagula ngati mnzake wa ku Ndirande.

Chidwi pa kapaketi komata

Aliyense tinamuonetsa chitsanzo cha kapaketi n'kumupempha kuti asankhe kuyambira 1, sindingagule, mpaka 5, ndingagule ndithu. Avereji ndi 3.1. Munthu wongoona nambalayi anganene kuti anthu alibe nako chidwi kwenikweni, n'kutseka fayilo. Zimenezo zingatimvetse chisoni, chifukwa mayankho sanaunjikane pa 3 ayi. Anasankha 1 ndi anthu 150, 2 anthu 90, 3 anthu 60 okha, 4 anthu 150, ndipo 5 anthu 150. Mlingo wa kubalalika kwa mayankho ndi 1.55, waukulu ndithu pa sikelo yothera pa 5. Munthu mmodzi yekha mwa 10 ndi amene ali pakati. Enawo akufuna kapena sakufuna.

Ofunawo ndani? Mwa 300 amene anasankha 4 kapena 5, anthu 198 ndi ogula oyeza, 72 a botolo laling'ono, 30 a botolo lalikulu. Kunena kwina, 75 peresenti ya ogula oyeza akukafuna kapaketi, poyerekeza ndi 43 ndi 18 peresenti m'magulu enawo. Popeza gululi lili ndi anthu 264, tiyembekezere kuti nambala yeniyeni ili pakati pa 70 ndi 80 peresenti. Chifukwa chimene ankatchula kawirikawiri n'chakuti mafuta oyeza sadziwa kumene achokera, ndipo ena amakayika kuti anakazingirapo kale. Nkhawa imeneyi si yaing'ono. Mafuta omata ali ndi dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito, ndipo malamulo a dziko lino amafuna kuti mafuta ophikira akhale ndi vitamini A, chinthu chimene wogula kachubu alibe njira yochitsimikizira.

Koma funsoli tinalifunsa osatchula mtengo. Kunena "ndingagule" n'kosavuta munthu asanapise m'thumba, makamaka wofunsayo atanyamula kapaketi kooneka bwino. Tikupempha kuti 75 peresenti itengedwe ngati malire a pamwamba, osati chiwerengero cha ogula. Kampani isanagule makina, kapaketi kayesedwe kwa masabata 8 m'maokala a ku Ndirande ndi ku Kawale pa mitengo iwiri yosiyana, eni maokala akulemba tsiku lililonse mapaketi ndi machubu amene agulitsa.