Kalata yopepesa kwa amayi a lesitilanti ya ku Chilenje

Kalingalinga, Lusaka
Lolemba, 16 Seputembala 2024

Amayi,

Pepani kwambiri. Katundu wanu, matebulo 10, mipando 40 ndi kauntala imodzi, zonse za mukwa, ndinalonjeza kuti zifika ku Chilenje Lachisanu pa 30 Ogasiti. Lero ndi pa 16 Seputembala, ndipo m'lesitilanti yanu mulibe ngakhale mpando umodzi wochokera kwa ine. Inu mbali yanu munaichita kale pa 29 Julayi pomwe munanditumizira K32,000, theka la mtengo wonse. Wolakwa ndine.

Chimene chikundichititsa manyazi kuposa kuchedwako ndi mmene ndakhala ndikukuyankhirani. Kawiri konse ndinakuuzani pa foni kuti "sabata yamawa", ndikudziwa mumtima kuti ndikungofuna muleke kukalipa. Lachinayi lapitali munaimba katatu, foni ili m'thumba mwanga, ine osayankha. Kenako munabwera nokha kushedi n'kupeza mnyamata wanga, amene sakanatha kukuuzani chilichonse. Anati munaima nthawi yaitali mukuyang'ana matebulo aja ali ogadamiza, n'kuchoka osanena kanthu. N'chifukwa chake ndasankha kulemba, kuti mawu anga akhale papepala, muthe kundigwira nawo.

Ndikanatha kungoti ndi malaiti, monga akunenera aliyense mu Lusaka chaka chino, ndipo sikukanakhala kunama kwenikweni. Madzi ku Kariba atsika chifukwa cha chilala, ndipo kuzima kwa magetsi kumene kunayamba ndi maola 8 m'mwezi wa Malichi kwafika poti kwathu kuno timawaona maola atatu okha pa tsiku, nthawi zambiri pakati pa usiku. Makina opalira matabwa ndi sowo yaikulu sizingayende ndi kajenereta kathu kakang'ono. Anyamata awiri akhala akugona kushedi, magetsi akangobwera adzuke n'kuyamba kupala. Koma pa 29 Julayi, tsiku limene ndinakupatsani deti, magetsi anali akuzima kale. Ndinkadziwa. Ndinawerengera masabata asanu ngati kuti ndi chaka chabwino chifukwa ndinkaopa kuti ndikanena asanu ndi atatu mupita kwa kalipentala wina pamsewu wa Alick Nkhata pomwe pano.

Zolakwa zina ziwiri ndi zanganso. Sabata yachiwiri ya Ogasiti ndinalandira ntchito ina ya zitseko, n'kumaganiza kuti zonse ziyendera limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Maola ochepa a magetsi aja ndinawagawa pawiri, ndipo ena anali anu.

Chachiwiri ndi matabwa, ndipo apa ndifotokoze bwino chifukwa ndi pamene pagona deti yotsala. Mukwa, umene kwathu kum'mawa timati mlombwa, ndi mtengo wabwino, ukauma suvuta, koma ukhale wouma mpaka mkati. Matabwa a ulendo wachiwiri amene ndinagula ku Buseko ankaoneka ouma kunja, ndipo wogulitsa anandilumbirira kuti akhalitsa. Ine ndinali pa changu, sindinadule thabwa limodzi kuti ndione mkati monga ndimachitira masiku onse. Tinawapala, kuwalumikiza ndi guluu, n'kupanga pamwamba pa matebulo anayi. Patangotha masiku khumi ndi kutentha kumeneku anayamba kupindika. Pa tebulo lina ndinaikapo mbale yopanda kanthu, inkagwedera ngati ili pamwala, ndipo polumikizira panatseguka mpata woti ndalama yachitsulo ya K1 n'kulowa. Mnzanga wina anandiuza kuti ndithire utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipake vanishi, simudzaona. Zoona, tsiku lolandira simukanaona. Mukanadzaona mu Disembala msuzi ukulowa m'ming'alu makasitomala ali pompo. Ndawaphwasula onse anayi, ndipo ndi aja munawapeza ogadamiza.

Tsopano nazi zimene zilipo, ndaziwerenga ndekha m'mawa uno. Matebulo 6 ndi mipando 22 zatha, vanishi wauma. Zimenezi ndibweretsa Lachitatu pa 18 Seputembala isanakwane 10 koloko m'mawa. Wa kanta ndamulipira kale, ndipo ndikwera nawo ndekha. Ndikudziwa kuti matebulo 6 amafuna mipando 24, ndiye tebulo limodzi likhala lopereŵera mipando iwiri kwa masiku angapo.

Mipando ina 10 ndi yolumikiza kale, yatsala kukwecha ndi sandipepa ndi kupaka vanishi katatu. Imeneyo ndi ntchito ya manja, siidikira magetsi, ndiye ndikhoza kunena molimba mtima kuti ifika Lachisanu pa 27 Seputembala. Ikanatha kutha msanga ndi masiku awiri, koma fumbi la mwezi uno likagwera pa vanishi wosauma timayambanso kukwecha, ndiye ndadzisiyira mpata.

Zotsala ndi matebulo 4, mipando 8 ndi kauntala. Pa zimenezi, amayi, sindikupatsani tsiku. Ndikudziwa kuti tsiku ndi limene mukufuna kumva, koma ndikalitchula lero likhala bodza linanso. Matabwa atsopano ndagula kale ndi ndalama zanga, ali mushedi, ndawasanja motalikirana ndi timitengo pakati kuti mphepo izipita. Ndinabwereka kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo Loweruka kanaonetsa 16 peresenti. Thabwa la tebulo la m'nyumba limafunika litsike kufika cha pa 12. Kunja kukutentha komanso n'kouma, zomwe zikutithandiza, koma mtengo suuzidwa kuti fulumira. Akauma, pafunika mausiku anayi kapena asanu a magetsi kuti tidule ndi kupala zonse, kenako sabata ndi theka yolumikiza ndi kupaka. Mmene ndikuonera ine, zinthu zikayenda monga zikuyendera pano, katunduyo akhoza kutha chapakati pa Okutobala. Kumeneko ndi kuyerekeza chabe. Chonde musasindikize mapepala oitanira anthu kapena kulemba ntchito ena operekera zakudya potengera mawu amenewo. Muwerengerenso kuti pa 18 ndi pa 24 Okutobala ndi maholide, anyamata sagwira ntchito.

Chimene ndingalonjeze ndi chimene chili m'manja mwanga. Ntchito ya zitseko ija ndaiimitsa, mwiniwake ndamuuza kale ndipo sanakondwere. Ola lililonse la magetsi likupita ku katundu wanu mpaka athe. Lachisanu lililonse madzulo, kuyambira pa 20 Seputembala, ndizikutumizirani zithunzi pa WhatsApp, pamodzi ndi nambala ya chinyezi ndi zimene zachitika sabata imeneyo, ngakhale zitakhala kuti palibe chachitika. Pa 4 Okutobala ndidzakhala nditadziwa ngati matabwa alowa m'makina kapena ayi, ndipo tsiku lenileni ndidzalitchula pamenepo. Mukaimba ndiyankha. Ndikakhala pa makina ndikuimbirani tsiku lomwelo.

Munandiuza kuti lendi ya nyumbayo mukulipira kuyambira pa 1 Seputembala, komanso kuti ophika awiri akungokhala. Ndalama zimenezo sindingathe kukubwezerani, ndipo sindinamizira kuti ndingathe. Zimene ndingakwanitse ndi izi: maulendo onse a kanta ndilipira ine, ndipo pa mtengo wa K64,000 ndachotsapo K3,000. Ndi zochepa poyerekeza ndi zimene mwataya, ndikudziwa. Musanditumizirenso ndalama ina iliyonse mpaka chinthu chomaliza chitalowa pakhomo panu n'kuchiona ndi maso anu. Ndili ndi matebulo awiri a paini amene timaika kumsewu kuti odutsa aone. Sakufanana ndi anu, ndi oyererapo komanso aafupi pang'ono, koma mukayalapo nsalu munthu akhoza kudyerapo bwinobwino. Ngati mukuwafuna abwera Lachitatu lomweli, pamodzi ndi mabenchi awiri, popanda kulipira kanthu, ndipo ndidzawatenga anu akafika. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndi matebulo 8 mwina mukhoza kutsegula mwezi uno usanathe, koma zimenezo mukudziwa ndinu, ine za lesitilanti sindizidziwa.

Mwina mwatopa nane ndipo simukufuna kudikira. Sindingakudandauleni. Mukafuna, tengani matebulo 6 ndi mipando 32, zotsalazo mukapangitse kwina. Pa mitengo imene tinagwirizana, tebulo K2,800 ndi mpando K750, zimenezo zikukwana K40,800. Kuchotsapo K32,000 imene munapereka ndi K3,000 ija, mutsala ndi K5,800 yokha, ndipo miyeso ndi zojambula za kauntala ndipereka kwa mmisiri amene mungasankhe kuti zake zidzafanane ndi zanga. Ndingokuchenjezani kuti anzanga ambiri kuno ali pa vuto lomweli la magetsi, ndiye amene angakuuzeni kuti sabata imodzi atha, mumufunse kuti apalira kuti, komanso adule thabwa inu mukuona.

Ngati mungafune kusiya zonse n'kutenga ndalama zanu, ndi ufulu wanu, koma ndinene zoona: K32,000 siili m'thumba mwanga lero, inalowa m'matabwa, guluu, vanishi ndi malipiro a anyamata. Ndingathe kubweza K12,000 pasanathe masiku asanu ndi awiri, yotsalayo pang'onopang'ono ndikamagulitsa katunduyo, ndipo tingalemberane pepala pamaso pa mboni imene mungasankhe inu.

Kunena za kauntala, pali funso limene ndinayenera kukufunsani kalekale. Tsiku loyeza lija munati mwina furiji ya zakumwa idzalowa pansi pake. Ngati maganizo amenewo akadalipo, mundionetse furijiyo Lachitatu ndiiyeze, chifukwa thabwa tikalidula ndiye kuti tadula.

Simukuyenera kusankha lero. Yambani mwaona katundu amene akubwerayo, mukhalepo, mugwedeze mpando uliwonse, muyang'ane kunsi kwa matebulo. Chimene sichikukusangalatsani chibwerera pa kanta yomweyo. Mukandiuza maganizo anu pofika Lachisanu pa 20, zindithandiza kudziwa chochita ndi matabwa ali mushedi aja. Kalatayi ndakutumizirani pa foni, ndipo ina yosaina ndi dzanja langa ndibwera nayo. Mundidziwitse ngati 10 koloko ili bwino, komanso amene adzatitsegulire geti ngati inu simudzakhalapo.

Pepaninso, amayi.

Ine,
Kalipentala wanu wa ku Kalingalinga