Mpikisano wa Mafunso a Sitandade 8: Mawu a Unzika ndi Ulamuliro

Ana inu, lero makope atsekedwe. Khalani m'magulu anu anayi aja: Chambo, Usipa, Mlamba ndi Kampango. Gulu lililonse lisankhe wolankhulira mmodzi, ndipo asinthe pa funso lililonse, chifukwa sindikufuna kumva mawu a anthu awiri okhaokha amene amakweza dzanja tsiku ndi tsiku.

Malikisi tiwerenga ndi zitsekerero za mabotolo zili m'chitini chapatebulopa. Ndikafunsa, muli ndi masekondi 20 oti munong'onezane. Yankho lolondola ndi zitsekerero ziwiri. Mukapereka chitsanzo cha kumudzi kwanu, chomwe agogo anu angamve, ndiwonjezera chimodzi, ndipo chimenechi ndicho ndimachikonda kwambiri, popeza mawu oloweza pamtima amathawa m'chipinda cha mayeso, koma amene wawamvetsa amakhala nawe. Gulu likalephera, funso lipita kwa oyandikana nalo, iwo apeza chimodzi chokha. Wofuula yankho isali nthawi yake alanditsa gulu lake chitsekerero chimodzi. Woseka mnzake amene walakwa, chimodzimodzi.

Mafunso

1. Chambo: Tchulani nthambi zitatu za boma. Yankho: yopanga malamulo (Nyumba ya Malamulo), yoyendetsa boma (Pulezidenti ndi nduna zake), ndi yotanthauzira malamulo (makhoti).

2. Usipa: Kodi bilu n'chiyani? Yankho: lamulo longoganiziridwa kumene, lomwe aphungu akukambirana. Limasanduka lamulo akalivomereza ndipo Pulezidenti akasainira.

3. Mlamba: Siyanitsani phungu ndi khansala. Yankho: phungu amaimira dera lake ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, komwe amapanga malamulo ndi kuvomereza bajeti, khansala amaimira wodi yake ku khonsolo. Apa ndiimapo pang'ono, chifukwa sabata yatha theka la kalasi linalemba kuti ntchito ya phungu n'kugula mabokosi a maliro. Ndikudziwa kuti n'zimene mumaona kumudzi, koma si ntchito imene malamulo anamupatsa. Yankho limenelo lero silipeza kanthu.

4. Kampango: Riferendamu n'chiyani? Yankho: voti yomwe anthu amasankha mfundo, osati munthu. Chitsanzo: pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha pakati pa nyali, kutanthauza zipani zambiri, ndi tambala wakuda, kutanthauza chipani chimodzi. Nyali inapambana.

5. Chambo: Munthu akapatsidwa belo, ndiye kuti mlandu watha? Yankho: ayi. Amangololedwa kudikira mlandu wake ali kunyumba, ndipo ayenera kukaonekera kukhoti tsiku lake likafika.

6. Usipa: Chisankho chapadera chimachitika liti? Yankho: mpando wa phungu kapena khansala ukakhala wopanda munthu nthawi yake isanathe, monga akamwalira kapena akatula pansi udindo.

7. Mlamba: Ufulu umasiyana bwanji ndi udindo? Yankho: ufulu ndi chimene munthu aliyense ayenera kukhala nacho, monga maphunziro, udindo ndi chimene iye ayenera kuchita, monga kusamala katundu wa sukulu.

8. Kampango: Sanjani mafumu awa kuyambira wamng'ono: gulupu, mfumu yayikulu, nyakwawa. Yankho: nyakwawa, gulupu, mfumu yayikulu.

Mafunso olekanitsa ofanana mphamvu

Magulu awiri akafanana zitsekerero, kunong'onezana kwatha. Wolankhulira aliyense atenge choko, alembe nambala kuseri kwa kope lake, ndipo onse akweze pamodzi ndikawerenga kufika pa 3. Amene nambala yake yayandikira kwambiri ndiye wapambana, ngakhale asalase penipeni.

Loyamba: Apolisi akamanga munthu, ayenera kumufikitsa kukhoti pasanathe maola angati? Yankho: 48.

Lachiwiri: Wofuna kupikisana nawo pa mpando wa Pulezidenti akhale ndi zaka zosachepera zingati? Yankho: 35. Wolemba 18 wasokoneza ndi zaka zoyambira kuvota, wolemba 21 wasokoneza ndi za phungu.

Lachitatu: Pa chisankho cha 2025 tinasankha aphungu a madera angati? Yankho: 229. Mabuku athu akale aja akadali ndi 193, choncho amene alembe 193 ndimuyamikira kuti amawerenga, koma apambana ndi woyandikira 229.

Akafananabe, ndiika makadi anayi patebulo mosokoneza: ufulu wodzilamulira, kukhala lipabuliki, chisankho chomwe chinathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, ndi chisankho chachibwereza cha Pulezidenti. Oyamba kuwasanja bwino atenga mpikisano. Ndondomeko yake ndi 1964, 1966, 1994, 2020. Gulu lopambana lisankha mawu asanu oti tidzayambire Lachisanu likudzali.