Mawu a msungichuma kwa mamembala a banki m'khonde pa msonkhano wa mwezi wa Meyi, kwa Ngabu

A Mfumu, a Tcheyamani, a Mlembi, amayi ndi abambo anzanga nonse amene mwasiya ntchito zokolola kudzakhala pansi pa mtengo uno, ndakupatsani moni. Ndathokoza a Tcheyamani pondipatsa mpata woti ndilankhule, ndipo ndikupempha kuti mundilezere mtima, pakuti nkhani imene ndabwera nayo ikukhudza m'thumba mwa aliyense, ndipo nkhani yotere siyenera kuthamangiridwa.

Gulu lathuli linayamba m'chaka cha 2021, ndipo nthawi imeneyo tinagwirizana kuti membala aliyense aziponya K5,000 pamwezi. Amene tinalipo tikukumbukira kuti munthu akaphatikiza zopereka za miyezi iwiri ankatha kugula thumba la chimanga la makilogalamu 50 nthawi yokolola, n'kutsalako ya chigayo. Lero K5,000 yomweyo mukapita nayo pamsika wa Ngabu mubwerako ndi chigoba chimodzi, mwina ndi kamchere pang'ono. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Shuga anakwera, sopo anakwera, wa kabaza anakweza mtengo, ngakhale wometa tsitsi anakweza, koma ife tokha ndi amene takhala tikuponya ndalama yomweija ngati kuti dziko linaima tsiku limene tinagula bokosi lathu.

Ine ndi amene ndimasunga bokosilo, ngakhale makiyi a maloko ake atatu ali ndi anthu ena atatu, ndiye ndikudziwa bwino zimene zimachitika likatsekulidwa. Tilipo anthu 25, kotero pamwezi pamalowa K125,000, osawerengera ngongole zimene zabwezedwa. Mwezi wa Novembala wapitawu anthu asanu ndi anayi anaimika manja kufuna ngongole zogulira mbewu ndi kulipira aganyu, ndipo ndalama zimene zinali pamphasa zinakwanira anthu anayi okha. Mayi mmodzi mwa amene anatsalawo, amene sindimutchula dzina chifukwa ali pakati pathu pano, anapita kwa akatapila, kumene anatenga K40,000 n'kukabweza K80,000 patangotha mwezi umodzi, ndipo mbuzi yake yaikazi, yomwe inali ndi bere, inathera pamenepo. Tinayambitsa gululi kuti tisamapite kwa akatapila, ndiye ngati membala wathu wokhulupirika, amene sanaphonyepo mwezi ndi umodzi womwe, akukagogodabe kumeneko, vuto silili kwa iye koma m'kuchepa kwa zimene tikuponya.

Pali china chimene chimandiwawa kuposa pamenepa. Mu Disembala tinagawana K2,100,000, aliyense anatenga pafupifupi K84,000, tinavina, tinaphika mpunga, ndipo zinali zoyenera kuti tikondwere. Koma ndikufunsa mwaulemu: mwa ife tonse, ndani amene angatilozere chinthu chimene chikuoneka lero chochokera m'ndalama imeneyo? Ine ndemwe yanga inathera ku yunifolomu ya ana ndi ndiwo za pa Khirisimasi, ndipo pofika pakati pa Januwale ndinali nditayamba kale kugula ufa wa m'timapepala. Chaka chilichonse timamanga nkhokwe, n'kuiphwasula tokha mu Disembala, n'kuyambiranso pa dothi mu Januwale.

Choncho pempho langa loyamba ndi lakuti kuyambira mwezi wa Juni aliyense aziponya K12,000 pamwezi. Mwa ndalama imeneyi, K7,000 izipita ku masheya obwereketsana monga mwa nthawi zonse, K1,000 izipita ku thumba la zadzidzidzi lothandiza pa matenda ndi maliro, ndipo K4,000 izipita ku thumba latsopano la bizinesi ya gulu, limene silidzagawidwa mu Disembala ndiponso silidzabwereketsedwa kwa munthu aliyense, ngakhale a Tcheyamani amene.

Ndamva kung'ung'udza kumbuyoko, ndipo sindikudabwa. K12,000 si ndalama yochepa kwa munthu wa kuno ku Chigwa, kumene chaka china dzuwa limawotcha mbewu zisanamasule ndipo chaka chinacho madzi amakokolola munda ndi nyumba yomwe. Koma tiyeni tiiphwanye ndalamayi: ndi K400 patsiku, ndalama imene ambiri a ife timaiwononga pa mayunitsi a foni kapena pa zitumbuwa osaimva kuwawa. Ndasankhanso dala kubweretsa nkhaniyi mu Meyi, osati mu Febuluwale, chifukwa ino ndi nthawi imene chitowe, mapira ndi thonje zikulowetsa kangachepe m'nyumba zathu. Amene angathe kulipiriratu miyezi itatu kapena inayi pamene ndalama ili m'manja, a Mlembi adzawalembera, kuti miyezi ya njala ikadzafika asadzavutike. Ndipo kwa amayi athu amasiye ndi achikulire amene K12,000 ingawalemere zedi, ndikupempha kuti tiwalole kulowa ndi theka m'thumba la bizinesi, adzalandirenso phindu molingana ndi theka lawolo, chifukwa sitinakhazikitse gululi kuti tizithamangitsana.

Tsopano ndinene za bizinesiyo, pakuti munthu sapereka ndalama yake osadziwa kumene ikupita. Nonse mukuona zimene zikuchitika m'mbali mwa msewu wa M1 masiku ano. Mavenda apachika masikelo awo m'mitengo, ndipo ife tikuwapititsira mapira ndi chitowe pa njinga, mmodzimmodzi, aliyense ndi kathumba kake, atapanikizika ndi fizi kapena ngongole. Iwo ndi amene akutchula mtengo. Sabata yatha ndinayeza chitowe changa kunyumba pa sikelo imene ndinabwereka, chinakwana makilogalamu 32, koma nditafika nacho pa sikelo ya wogula wina chinasanduka makilogalamu 28, ndipo nditadandaula anandiuza kuti ngati sindikufuna ndibwerere nacho. Ndinagulitsa, chifukwa mwana ankadikira ndalama ya mayeso. Mbewu zomwezo zimakwera Thabwa pa malole kupita ku Blantyre, ndipo chakudya chikasowa mu Januwale ndi Febuluwale timagula chimanga kwa anthu omwewo pa mtengo umene tonse timaudziwa kuwawa kwake. Phindu limene lili pakati pa mtengo wa nthawi yokolola ndi mtengo wa nthawi ya njala ndi lalikulu, ndipo limadyedwa ndi munthu amene ali ndi zinthu ziwiri zokha: ndalama yogulira pa nthawi yake, ndi mtima wodikira. Payekhapayekha palibe mwa ife amene angathe kudikira, koma gulu la anthu 25 lingathe.

K4,000 ya munthu aliyense ikupanga K100,000 pamwezi. Pofika kumapeto kwa Okutobala, pamene chimanga cha kudimba chimakhala chikukololedwa, tidzakhala ndi K500,000, ndipo ndikupempha kuti tidzayambe ndi imeneyo, kugula chimanga ndi mapira, choyamba kwa mamembala athu omwe, pa sikelo yathu yoona ndi pa mtengo wosachepera umene boma limalengeza. Sindikunamizani kuti matumba ake adzakhala ambiri. Mwina adzangodzaza ngolo imodzi. Cholinga cha chaka choyamba ndi kuphunzira kugula, kusunga ndi kulemba bwino m'kaundula. Pempho langa lachiwiri ndi lakuti mu Disembala tisadzagawane zonse, koma gawo limodzi mwa magawo anayi lidzatsale m'thumba la bizinesi. Tikatero, pofika Meyi chaka chamawa tidzakhala ndi ndalama yoyandikira K2,000,000 pa nthawi yeniyeni yokolola, ndipo pamenepo tidzatha kusonkhanitsa chitowe chathu pamodzi n'kukambirana mtengo ndi ogula akuluakulu tili ndi katundu wooneka.

Wina anandifunsa kumjigo kuti kodi sitikhala ngati mavenda omwewo, kusunga chakudya pamene anansi athu akugona ndi njala. Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho langa ndi lakuti tilembe m'malamulo athu kuti pogulitsa tiziyamba ndi mamembala ndi anthu a m'mudzi muno, pa mtengo wotsikirako poyerekeza ndi wa pamsika. Phindu lidzachepako, koma chakudya chidzakhala pafupi, ndipo a Mfumu ali pano kuti akhale mboni ya lonjezo limeneli.

Walira mvula walira matope, ndiye ndisabise zoopsa zake. Choyamba ndi madzi. Tinaona chigumula cha mu Januwale 2015, tinaona Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo tikudziwa kuti thumba losungidwa m'nyumba ya kunsi kufupi ndi dambo ndi thumba loperekedwa kwa mtsinje. Katundu wa gulu adzasungidwe kumtunda, m'chipinda cha njerwa zowotcha, pa thandala lokwera, ndipo tapeza kale chipinda chotere chimene mwini wake akufuna K15,000 pamwezi. Chachiwiri ndi anankafumbwe, amene ndi kutentha kwa kuno amatha kusandutsa thumba kukhala ufa wokhawokha m'miyezi iwiri. Tidzagule matumba aja osalowa mpweya, tidzayanike mbewu mokwanira, ndipo alangizi a zaulimi atithandize pa zimenezi komanso pa za chilolezo chogulira mbewu. Chachitatu ndi mtengo womwewo, pakuti chaka china ukhoza osakwera monga tikuyembekezera, makamaka chimanga chothandizira anthu chikabwera chambiri, ndipo tikhoza kungobweza ndalama yathu popanda phindu.

Choopsa chachinayi ndi ife tomwe. Magulu ambiri amene tinawaona akutha m'dera lino sanathe chifukwa cha madzi kapena chilala, koma chifukwa munthu mmodzi ankasunga ndalama, kaundula ndi makiyi nthawi imodzi. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pasankhidwe komiti ya anthu asanu yoyendetsa bizinesiyi, ine ndisakhalemo, chifukwa wosunga bokosi sayenera kukhalanso wogula katundu. Chipinda chikhale ndi maloko atatu ngati bokosi lathu, thumba lililonse lilembedwe nambala, ndipo pa msonkhano uliwonse wa mwezi mamembala awiri osankhidwa pompo azipita kukawerenga matumba ndi maso awo. Ndalama ya bizinesi ikapitirira K200,000 isamagone m'bokosi, koma tikatsekule akaunti ku banki ku Nchalo, yosainira anthu atatu. Amene adzafune kutuluka m'gulu adzalandire gawo lake lonse, koma adikire kufikira katundu atagulitsidwa.

Abambo ena anena kale kuti bwenzi tikugula mbuzi, ena akuti pampu ya sola yothirira kudimba, ndipo maganizo onsewo ndi abwino, makamaka pampuyo, pakuti madzi tili nawo pafupi koma timathirira ndi makheni mpaka msana kuwawa. Ine ndaika mbewu patsogolo chifukwa ndalama yake imabwerera m'miyezi inayi kapena isanu, ndipo ikabwerera kawiri tidzakhala ndi mphamvu yogula pampu popanda kukongola kwa munthu.

A Tcheyamani, ndikupempha kuti mutsekule bwalo kuti aliyense afunse ndi kutsutsa momasuka, makamaka amene akhala chete. Tikatha kukambirana tivote pa mfundo zitatu, iliyonse payokha: kukweza zopereka kufika pa K12,000 kuyambira Juni, kusiya gawo limodzi mwa magawo anayi mu Disembala, ndi kusankha komiti ya anthu asanu lero lomwe. Kaundula wa ndalama zonse kuyambira 2021 ndabwera naye, ali pamphasapa, ndipo aliyense wofuna kuona masamu amene ndatchulawa abwere adzaone tisanavote. Zikomo a Mfumu, zikomo nonse.